Felemu yapindika, maso asowa: kufotokoza munthu wovala magalasi kuti chithunzi chituluke chooneka

Aliyense amene wayesapo kupanga chithunzi cha munthu wovala magalasi pa mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu, monga Stable Diffusion, Flux kapena Midjourney, akudziwa mmene zimathera. Mwapempha magalasi ozungulira, koma galasi lakumanja latuluka lozungulira pomwe lakumanzere lili ndi ngodya. Mwendo wa magalasi wasungunukira m'tsaya usanafike kukhutu. Nthawi zina felemu yatuluka bwino ndithu, koma pamene payenera kukhala maso pangoti mbee, ngati munthuyo wayang'ana dzuwa. Nthawi zinanso makina angokuvekerani munthu wanu magalasi akuda a padzuwa, chonsecho inu mumafuna mphunzitsi ali m'kalasi.

Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuwonjezera mawu: maso okongola, maso omveka bwino, pasakhale kunyezimira, ndi ena otero mpaka malangizo atalika ndime yathunthu. Kawirikawiri sizithandiza, chifukwa mavutowa sachokera kumodzi. Kupindika kwa felemu kumayamba ndi kuchepa kwa nkhope m'chithunzi. Kunyezimira kumayamba ndi kuwala kumene mwafotokoza, kapena kumene simunafotokoze. Kuda kwa magalasi kumayamba ndi dzina la felemu limene mwasankha. Lililonse lili ndi mankhwala akeake, ndipo pali loyenera kuyamba nalo.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Tikufuna chithunzi cha m'buku la ana: mayi wachikulire, mphunzitsi wamkulu, wa zaka za m'ma 60, wakhala pakhonde la sukulu, wavala magalasi owerengera. Malangizo amalembedwa m'Chingerezi chifukwa mapulogalamuwa anaphunzitsidwa kwambiri ndi mawu a chilankhulo chimenecho. Munthu woyamba kumene angalembe chonchi:

```
full body photo of an elderly African headmistress wearing glasses,
sitting on a school veranda, bright sunlight, no reflections
```

M'mizere iwiriyi muli misampha inayi, ndipo yonse ikugwa pa magalasi.

Yambani mwayeza nkhope

Msampha waukulu ndi mawu oyambirira aja, `full body`. Mapulogalamu a mtundu wa Stable Diffusion sajambula pa mapikiselo enieniwo, timadontho timene timapanga chithunzi. Amagwira ntchito pa chithunzi chofinyidwa, chimene mbali iliyonse yachepetsedwa ka 8, kenaka pomaliza amachifutukula. SDXL, imene inatuluka mu 2023, imapanga chithunzi cha mapikiselo 1024 mbali zonse, ndiye kuti mkati mwake ikujambula pa timabokosi 128 mbali iliyonse. Stable Diffusion 1.5 ya mu 2022 inazolowera mapikiselo 512, kutanthauza timabokosi 64 tokha.

Tsopano tiwerengere mayi athu aja. Ngati ataimirira thupi lonse latenga mapikiselo 900 kuchokera kumutu mpaka kumapazi, mutu utenga pafupifupi 120 m'litali ndi 90 m'lifupi. Diso limodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a m'lifupi mwa nkhope, choncho lili ndi mapikiselo 18. Tikagawa ndi 8, diso lonse, chikope, mwanadiso ndi koyera komwe, likuyenera kukwana m'timabokosi tiwiri ndi kachidutswa. Nanga felemu ya waya woonda? Imeneyo ndi pikiselo imodzi kapena awiri, yosakwana ngakhale kabokosi kamodzi. Makinawo alibe pojambula. Ndiye amangoyerekeza: apa mzere, apo mthunzi, ndipo zotsatira zake ndi felemu yodukaduka ndi maso ofufutika aja. Palibe mawu amene mungawonjezere oti n'kupereka malo pomwe palibe.

Mungadziwe bwanji kuti vuto lanu ndi limeneli? Tsegulani chithunzicho, muchikulitse, muyang'ane zinthu zina zing'onozing'ono zapafupi ndi nkhope: mano, ndolo, mabatani a bulauzi. Ngati nazonso zaphwanyika, musavutike ndi mawu ofotokoza magalasi. Bweretsani munthuyo pafupi. Mukalemba `head and shoulders portrait`, nkhope imatha kufika mapikiselo 400 kapena 500 m'lifupi, diso limodzi n'kukhala ndi timabokosi khumi kapena kuposerapo, ndipo felemu imapeza pokhala.

Mitundu yatsopano monga Flux, ya mu 2024, imasunga zambiri m'kabokosi kalikonse kuposa SDXL, motero imapirirako nkhope ikachepa. Komabe malire alipo, angosunthira patsogolo pang'ono. Ngati buku lanu likufunadi thupi lonse, njira yake ndi yokonza nkhope payokha pambuyo pake, ndipo tifikako.

Felemu: tchulani zimene maso angaone

Msampha wachiwiri ndi liwu lakuti `glasses` lili lokhalokha. M'Chingerezi liwu limeneli limatanthauzanso matambula omwera madzi, n'chifukwa chake munthu wokhala pafupi ndi tebulo nthawi zina amatulukira ndi matambula awiri patsogolo pake, nkhope ili yopanda kanthu. Lembani `eyeglasses`. Koma ngakhale mutatero, simunanenebe kuti ndi magalasi otani, ndipo makina akapatsidwa ufulu amasakaniza mitundu yonse imene anaiona. Apa m'pamene pamachokera galasi limodzi lozungulira, lina la ngodya.

Felemu imagwira bwino mukanena zinthu zitatu: maonekedwe ake, chimene anapangira, ndi kukhuthala kwake. Mwachitsanzo `thick rectangular acetate frames`, kapena `round thin gold wire frames`. Pa ziwirizi, yoyambayo ndiyo imapulumuka kawirikawiri, pa chifukwa chomwe tawerengera chija: yokhuthala imadzaza timabokosi, yoonda imasowa. Yovuta koposa ndi `rimless`, magalasi opanda mkombero. Kumeneko makina alibe mzere woti autsatire, choncho amaiwaliratu magalasiwo kapena amawapatsa mkombero umene simunapemphe. Ngati nkhani yanu sikukakamizani, musasankhe mtundu umenewu.

Pali maina awiri ofunika kusamala nawo kwambiri: `aviator` ndi `wayfarer`. Awa ndi maina a mafelemu amene anatchuka ndi magalasi a padzuwa a Ray-Ban, ndipo zithunzi zambiri zimene zili ndi mainawa ndi za magalasi akuda. Mukangolemba limodzi, makina amadetsa magalasi ngakhale mutawonjezera kuti ndi owerengera. Mukafuna maonekedwe ake popanda kuda kwake, siyani dzinalo, fotokozani mmene felemu ilili: `large teardrop-shaped metal frames with a double bridge`. Maina monga `browline` ndi `cat-eye` savuta kwambiri chotero, ngakhale `cat-eye` nayenso amapendekera ku magalasi a padzuwa ngati munthu ali panja.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi liwu la `clear`. Mukalemba `clear glasses` pofuna kuti magalasi akhale oonekera, makina amamva kuti felemu ndiyo ikhale ya pulasitiki woonekera, ndipo mumapeza felemu yoyererako yosaoneka bwino pankhope. Liwulo liyenera kukhala pafupi ndi chinthu chake: `clear lenses`. N'chimodzimodzi ndi mitundu. `red glasses` imatha kufiiritsa magalasi, milomo, ngakhale maso enieniwo, pomwe `red frames` imasunga kufiirako pamalo pake bwinoko, ngakhale pa SDXL mtundu umathabe kudontha pang'ono.

Kwa mayi athu pali nkhani ya khungu. Felemu yakuda pa khungu lakuda imasiyana pang'ono ndi nkhope, makamaka mumthunzi wa pakhonde, ndipo pamene kusiyana kwachepa makina amataya mzere, kawirikawiri cha m'munsi mwa galasi, pamwamba pa tsaya. Ine ndimakonda kuwapatsa felemu yofiirira yamawangamawanga, `tortoiseshell`, kapena yokhala ndi chitsulo chagolide m'munsi monga `browline`. Felemu yakuda si yoletsedwa ayi, koma imafuna kuwala kochokera m'mbali koti kuwalitse m'mphepete mwake.

Kuwala ndiye mwini nkhani

Msampha wachitatu ndi wachinayi ili pamodzi: `bright sunlight` ndi `no reflections`.

Tiyambe ndi wachinayiwo. Gawo la pulogalamu limene limawerenga mawu pa Stable Diffusion 1.5 ndi SDXL, lotchedwa CLIP, silimva bwino kukana. Likaona `no reflections`, liwu limene lalemera ndi `reflections`, ndipo mwangolikumbutsa chinthu chimene mumafuna liiwale. Zili ngati kuuza mwana kuti asayang'ane m'mphika. Mapulogalamu atsopano amamvako bwino ziganizo, koma ngakhale kumeneko kunena zimene mukufuna kumaposa kunena zimene simukufuna.

Ndiye funso n'lakuti: chimene mukufunacho n'chiyani? Apa tiyenera kubwereka nzeru za ojambula ndi kamera, chifukwa makinawa anaphunzira pa zithunzi zawo. Galasi wamba losapakidwa mankhwala limabweza pafupifupi magawo 4 pa 100 a kuwala pa mbali iliyonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye kuti pafupifupi 8 zonse pamodzi. Zikumveka zochepa, koma ngati chimene chikubwezedwacho ndi thambo la masana kapena zenera lowala, magawo 8 amenewo amawala kuposa diso limene lili mumthunzi kuseri kwa galasi, ndipo diso limamira. Kuwala kumabwerera pa ngodya yofanana ndi imene kwafikira. Nyali ikakhala kutsogolo, pafupi ndi kamera, kumabwerera molunjika m'kamera momwemo. Ikakhala m'mbali ndiponso m'mwamba, kumabwerera kumbali inayo ndi pansi, kamera osakuona. N'chifukwa chake wojambula wodziwa ntchito amakweza nyali, n'kuisunthira pambali, n'kupempha munthu kuti atsitse chibwano pang'ono. Ena amakwezako miyendo ya magalasi pamwamba pa makutu kuti magalasi aweramire pansi.

Makina sawerengera ngodya zimenezi. Chimene amadziwa n'chakuti m'zithunzi zokhala ndi kuwala kofewa kwa m'mbali maso amaoneka, pomwe m'zithunzi za dzuwa la masana, nyali ya kamera, kapena munthu ali pa kompyuta usiku, magalasi amathwanima. Mukatchula kuwala kwa mtundu woyambawo, mumakokera chithunzi ku gulu limene maso amaoneka. Choncho m'malo moletsa kunyezimira, lembani `soft light from the left, slightly above`, kapena `open shade`, komwe ndi kuwala kwa munthu wokhala mumthunzi kunja kuli kowala. Khonde lathu lija likugwirizana bwino ndi zimenezi. Pewani `ring light`, imene imasiya timikombero toyera pa galasi lililonse, `neon`, `camera flash`, ndiponso munthu woyang'ana m'mwamba ali panja, chifukwa pamenepo magalasi amatenga thambo lonse. Dzuwa lowala lilinso ndi vuto lina lija: anthu ambiri ojambulidwa padzuwa amakhala atavala magalasi akuda.

Musafune kuchotseratu kunyezimira konse. Magalasi opanda kalikonse kowala amaoneka ngati felemu yopanda kanthu mkati, ndipo owerenga amazindikira kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kunena kuti n'chiyani. Chofunika ndi kunyezimira kochepa kokhala ndi malo ake, kutali ndi mwanadiso: `a small faint reflection in the upper corner of each lens`. Mukakupatsa malo, simukusiyira mwayi wodzaza galasi lonse. Mawu akuti `anti-reflective lenses` nthawi zina amathandiza, nthawi zina amabweretsa kuwala kobiriwira kapena kofiirira pagalasi, komwe ndi mmenedi magalasi opakidwa mankhwala amaonekera. Yesani muone ngati kukukomerani.

Maso apatseni chochita

Maso amene sanatchulidwe ndi oyamba kutayika. Koma kulemba `beautiful detailed eyes` sikupereka kanthu koti makina agwire. Nenani mtundu wake, kumene akuyang'ana, ndi ubale wake ndi magalasi: `dark brown eyes clearly visible through the lenses, looking at the camera`. Mawu akuti `through the lenses` ndi ofunika, chifukwa amalumikiza zinthu ziwirizo kuti zikhale pamalo amodzi, china kuseri kwa chinzake. Ngati munthu akuseka kwambiri, zikope zimatsekeka ndipo mkombero wa m'mwamba umadutsa pamwamba pa diso lotsalalo. Kumwetulira pang'ono kumasunga maso.

Kaimidwe ka mutu nakonso kali ndi mbali yake. Nkhope yoyang'ana kutsogolo, kapena yotembenuka pang'ono chabe, ndiyo yosavuta. Ikatembenuka kwambiri, galasi lakutali limayenera kufupika, mwendo umodzi kuoneka wonse, winawo kubisika, ndipo apa makina amalakwitsa kawirikawiri. Tsitsi kapena duku yophimba makutu imathandiza, popeza imabisa malo amene miyendo imakonda kuduka. Mayi athu atavala duku, vuto limodzi lachoka lokha.

Pamene mwaika mawu a magalasi m'malangizo napo mpofunika. CLIP imawerenga tizidutswa ta mawu 77 pa nthawi imodzi, ndipo AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion, imadula malangizo aatali m'magulu a 75. Magalasi akatchulidwa m'gulu loyamba, maso n'kugwera m'gulu lachiwiri, kulumikizana kuja kumafooka. Ikani munthu, magalasi ndi maso koyambirira, pafupipafupi, kenaka zovala ndi malo. Malangizo athu tsopano afika potere:

```
head and shoulders portrait of an elderly Malawian headmistress,
tortoiseshell browline eyeglasses with clear lenses,
dark brown eyes clearly visible through the lenses, looking at the camera,
chin slightly lowered, headwrap, school veranda, open shade,
soft light from the left, small faint reflection in the upper corner of each lens
```

Bokosi la zosafunika, lolembedwa `Negative prompt`, lili ndi ntchito yake koma lisadzazidwe. Mawu ochepa awa ndi okwanira:

```
sunglasses, tinted lenses, glare
```

Musalembemo `dark glasses` kapena `broken glasses`. Liwu la `glasses` likalowa m'bokosi limeneli limakankha magalasi onse, abwino omwe, ndipo mudzaona felemu ikuonda kapena kusowa. Ngakhale `sunglasses` mukalipatsa mphamvu yochuluka limayamba kudya felemu. Pa Midjourney ntchito yomweyi imachitika ndi `--no sunglasses`. Pa Flux nthawi zambiri bokosili siligwira ntchito, choncho zonse ziyenera kunenedwa m'ziganizo zomveka za zimene mukufuna, ndipo iyo imamva bwino ziganizo zathunthu kusiyana ndi mawu odukaduka.

Posintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, nambala ya `Seed`, imene imasankha poyambira chithunzi, ikhale yomweyo, apo ayi simungadziwe chimene chathandiza. Mukapeza malangizo ooneka abwino, ayeseni pa manambala ena angapo. Ngati atuluka bwino pa nambala imodzi yokha, unali mwayi chabe. Ngati felemu ikuiwalikabe, pa AUTOMATIC1111 mutha kuikweza mphamvu pang'ono polemba `(browline eyeglasses:1.2)`. Mukakweza kwambiri, magalasi amakula mopitirira, kapena pamatuluka achiwiri pamphumi kapena pakhosi.

Mawu akalephera

Pa chithunzi cha thupi lonse, kapena pamene zonse zili bwino kupatula galasi limodzi, musatayenso chithunzi chonse. Pa AUTOMATIC1111 chitumizeni ku `Inpaint`, mupake malo a maso, ndipo pa `Inpaint area` musankhe `Only masked`. Kusankha kumeneku ndiye mtima wa njirayi: pulogalamu imadula kachigawo kamene mwapakako, n'kukakulitsa kufika kukula kwa chithunzi chathunthu, n'kukajambulanso, n'kukabwezera pamalo pake. Diso lija linali ndi timabokosi tiwiri tsopano lili ndi tambiri. Chowonjezera chotchedwa ADetailer chimachita zomwezi chokha pa nkhope iliyonse imene chapeza.

Popaka, phimbani magalasi onse awiri pamodzi ndi polumikizira pamphuno, nsidze, mpaka kumakutu. Mukapaka galasi limodzi lokha, makina amajambula lina labwino ndithu koma losafanana ndi linzake. `Masked content` ikhale pa `original`. Pa `Denoising strength` yambani cha pa 0.4. Mukatsika kufika cha m'ma 0.2, felemu yopindika imakhalabe yopindika, ingoyera bwino. Mukakwera kupitirira 0.6, maso amasintha ndipo mayi aja amayamba kuoneka munthu wina. M'malangizo a gawo limeneli chotsani khonde ndi zovala, musiye za nkhope, magalasi, maso ndi kuwala basi, apo ayi mutha kupeza kakhonde kakang'ono kajambulidwa mkati mwa galasi.

Ngati chigamba choyera chaphimbiratu diso, 0.4 sichichotsa, chifukwa makina amatsatira mitundu imene ilipo kale. Tsegulani chithunzicho m'pulogalamu iliyonse yojambulira, mupake mtundu wa khungu pamwamba pa choyeracho, muikepo kadontho kakuda pamene payenera kukhala diso. Zisakudetseni nkhawa kuti zaoneka zosalongosoka. Bwererani nacho ku `Inpaint` pa 0.5, ndipo makina amasandutsa kadonthoko kukhala diso. N'chimodzimodzi ndi mwendo wa magalasi woduka: jambulani mzere wofika kukhutu ndi dzanja lanu, makina ausalaze.

Chenjerani ndi `Restore faces`. CodeFormer ndi GFPGAN, zimene zimagwira ntchito kuseri kwake, zinapangidwa kuti zikonze nkhope zowonongeka, ndipo nthawi zina zimatenga felemu yoonda ngati chilema, n'kuifafaniza mbali ina, kapena kusalaza makwinya a mayi wa zaka 60 mpaka aoneke wa zaka 35. Ngati magalasi amaoneka bwino chithunzi chili mkati mopangidwa kenaka n'kusokonekera pa sekondi yomaliza, zimitsani chimenechi poyamba.

Pali chinthu chimodzi chimene mawu sachikwanitsa kawirikawiri. Magalasi enieni a munthu wosaona patali amachepetsa maso, ndipo mzere wa tsaya umaoneka wolowa mkati ukamadutsa kuseri kwa galasi. Owerengera, monga a mayi athu, amakulitsa maso pang'ono. Makina nthawi zambiri amajambula ngati galasilo ndi la pazenera, mzere wa nkhope n'kungodutsa mowongoka. Pa buku la ana palibe amene angadandaule. Koma ngati mukufuna munthu mmodzimodziyo, ndi magalasi omwewo, pa masamba 20, mawu okha sangasunge felemuyo kuti isasinthe tsamba ndi tsamba. Pamenepo sankhani chithunzi chimodzi chimene chatuluka bwino, muchigwiritse ntchito ngati chitsanzo chimene pulogalamu izionerapo, kapena muphunzitse LoRA, kachowonjezera kamene kamathandiza pulogalamu kukumbukira maonekedwe a munthu, pa zithunzi zingapo za munthuyo atavala magalasiwo, zojambulidwa kuchokera mbali zosiyanasiyana, zonse maso akuoneka.